DNA: mmene inapangidwira ndi mmene imadzikopera

Kwa ophunzira a Giredi 12 a bayoloji, muwerenge musanabwere ku kalasi ya Loweruka

Anyamata ndi atsikana, pa mayeso a sabata yatha ambiri a inu munajambula DNA bwino ndithu, koma funso lofunsa mmene imadzikopera munalisiya lopanda yankho. Zikuoneka kuti mwaloweza chithunzi padera, kukopera padera, ngati mitu iwiri yosiyana. Mutu ndi umodzi. Amene wamvetsa mmene DNA inalukidwira wadziwa kale theka la mmene imadzikopera, ndipo n'chifukwa chake ndalemba tsamba ili m'chinenero chathu, kuti nzeruyo iyambe yakhazikika musanalimbane ndi Chingerezi cha m'buku.

Thupi lanu linayamba ndi selo imodzi. Selo imeneyo inagawikana kukhala awiri, awiriwo n'kukhala anayi, mpaka munthu wathunthu. Selo iliyonse yatsopano inafunika kulandira malangizo onse a kapangidwe ka thupi, osaperewera. Malangizowo amasungidwa mu DNA, mkati mwa nyukiliyasi, atapindidwa m'makromozomu 46: 23 ochokera kwa amayi, 23 kwa atate. DNA ya m'selo imodzi itatambasulidwa ingatalike pafupifupi mamita 2, koma ndi yopyapyala kwambiri, mananomita 2 okha m'mimba mwake, ndipo imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa mahisitoni kuti ikwane. Maselo ofiira a m'magazi akakhwima alibe nyukiliyasi, choncho DNA yopezeka m'magazi imachokera makamaka m'maselo oyera. Ndi m'maselo oyera momwemo mmene Friedrich Miescher anaipeza koyamba mu 1869, pofufuza mafinya a pa mabandeji a odwala.

DNA ndi zingwe ziwiri zazitali, ndipo chingwe chilichonse ndi timagawo tambirimbiri tolumikizana totchedwa manyukiliyotaidi. Nyukiliyotaidi imodzi ili ndi zinthu zitatu: fosifeti, shuga wa makaboni asanu wotchedwa diokisiraibozi, ndi besi yokhala ndi naitirojeni. Fosifeti ndi shuga sizisintha, zili chimodzimodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Chosintha ndi besi, ndipo mabesi alipo anayi: adenini (A), thaimini (T), guwanini (G) ndi saitosini (C).

Ganizirani makwerero okwerera pa nkhokwe. Mitengo iwiri ya m'mbali ndi shuga ndi fosifeti zosinthanasinthana. Popondapo paliponse ndi mabesi awiri, imodzi yochokera ku chingwe chakumanzere, ina chakumanja, zokumana pakati. Kenako makwerero onsewo apotokoleni, kuti pa kuzungulira kumodzi pakhale popondapo pafupifupi 10.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mabesi sagwirana mwachisawawa. A amagwirana ndi T basi, G amagwirana ndi C basi. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo muzidziwe, musangoloweza lamulo. Choyamba ndi kukula. A ndi G ndi zazikulu, zili ndi mphete ziwiri, pomwe T ndi C zili ndi mphete imodzi. Yaikulu ikagwirana ndi yaing'ono, popondapo paliponse pamakhala pofanana kutalika. Zazikulu ziwiri zingathinane, zazing'ono ziwiri sizingafikane. Chachiwiri ndi mabondi a haidirojeni: maonekedwe a A ndi T amalola mabondi awiri, a G ndi C amalola atatu. Mabondi amenewa ndi ofooka poyerekeza ndi amene amamanga shuga ndi fosifeti. Kufookako kuli ndi ntchito. Kumachititsa kuti zingwe ziwirizo zithe kulekanitsidwa pakati popanda kuduka, ndipo mudzaona posachedwa kufunika kwake.

Mu 1950 Erwin Chargaff anaonetsa kuti mu DNA kuchuluka kwa A kumalingana ndi kwa T, ndipo kwa G kumalingana ndi kwa C. Pano pamachokera funso la masamu limene limakugwetsani kawirikawiri. Ngati A ndi 30%, T ndi 30%. Zatsala 40%, ndipo G ndi C agawana pakati, 20% aliyense. Musathamangire kulemba 70%.

Zingwe ziwirizo zinayang'ana kosiyana. Makaboni a shuga ali ndi manambala, ndipo nsonga imodzi ya chingwe imathera pa fosifeti yomangidwa ku kaboni 5', ina imathera pa kaboni 3'. Kumene chingwe chimodzi chili ndi 5', chinzake chili ndi 3':

```
5'-A T G G C T A A C-3'
3'-T A C C G A T T G-5'
```

Phimbani mzere wapansi ndi dzanja, muyese kuulemba poyang'ana wapamwamba wokha. Mwatha. Phimbani wapamwamba, muchite chimodzimodzi. Mwathanso. Zimene mwachitazi n'zimene selo imachita: chingwe chilichonse chimanena chokha mmene chinzake chiyenera kukhalira. James Watson ndi Francis Crick atalongosola kapangidwe aka mu 1953 ku Cambridge, anaona nthawi yomweyo kuti kugwirana kwa mabesi kukuloza njira ya kukopera. Ndikufuna mudziwenso dzina la Rosalind Franklin, makamaka inu atsikana. Zithunzi za ekisire za DNA zimene iye ndi wophunzira wake Raymond Gosling anajambula ku London mu 1952, pamodzi ndi miyeso yake, zinathandiza kwambiri kutsimikizira kupotoka kumeneku. Franklin anamwalira mu 1958, ndipo mphoto ya Nobel ya 1962 inapita kwa Watson, Crick ndi Maurice Wilkins.

Kukopera kumachitika selo isanayambe kugawikana, pa nthawi ya intafezi. Ambiri mumalemba kuti kumachitika mkati mwa maitosisi, ndipo mumataya malikisi. Maitosisi imagawa zimene zakopedwa kale.

Kukopera kumayamba ndi enzaimu yotchedwa helikezi, imene imayenda pa DNA ikumasula kupotoka ndi kuthyola mabondi a haidirojeni. Zingwe ziwiri zimapatukana, pamakhala mphanda, mabesi n'kutsala poyera. Mu nyukiliyasi muli manyukiliyotaidi oyenda okha, ndipo aliyense amakakhala moyang'anizana ndi mnzake woyenera: pa A pabwera T, pa G pabwera C. Enzaimu yowasankha ndi kuwalumikiza kukhala chingwe chatsopano ndi DNA polimarezi. Koma polimarezi siitha kuyamba pa malo opanda kanthu, imangowonjezera pa chimene chilipo kale. Choncho enzaimu ina, puraimezi, imayamba yaika kachidutswa kakafupi ka RNA, ndipo polimarezi imapitiriza kuchokera pamenepo.

Tsopano chepetsani liwiro powerenga, chifukwa apa m'pamene kuyang'ana kosiyana kwa zingwe kumabweretsa vuto. Polimarezi imawonjezera nyukiliyotaidi ku nsonga ya 3' yokha, kutanthauza kuti chingwe chatsopano chimakula kuchokera ku 5' kupita ku 3'. Pa chingwe chimodzi chakale njira imeneyi ikulunjika komwe helikezi ikupita, ndiye polimarezi imangotsatira pambuyo pake osaima. Pa chingwe chinacho njirayo ikuloza kumbuyo, kutali ndi mphanda. Polimarezi imapanga kachidutswa, helikezi n'kutsegula malo ena, puraimezi n'kuikanso poyambira pafupi ndi mphanda, kachidutswa kena n'kupangidwa. Tizidutswa timeneti timatchedwa ndi dzina la Okazaki, potengera Reiji ndi Tsuneko Okazaki a ku Japan amene anatipeza m'zaka za m'ma 1960. Pomaliza ma RNA oyambira aja amachotsedwa, m'malo mwake mumaikidwa DNA, ndipo enzaimu ya ligezi imalumikiza tizidutswa tonse kukhala chingwe chimodzi.

Zotsatira zake ndi ma DNA awiri ofanana, ndipo iliyonse ili ndi chingwe chimodzi chakale ndi chimodzi chatsopano. Palibe imene ili yakale yonse kapena yatsopano yonse. Pojambula, gwiritsani ntchito mitundu iwiri ya cholembera kuti woona aone zimenezi.

Tidziwa bwanji kuti zimayenda chonchi? Sindifuna muvomereze chifukwa aphunzitsi anena. Mu 1958 Matthew Meselson ndi Franklin Stahl analera mabakiteriya a E. coli m'chakudya chokhala ndi naitirojeni wolemera, N-15, kufikira DNA yawo yonse italemera. Kenako anawasamutsira m'chakudya cha naitirojeni wamba, N-14. Atagawikana kamodzi, DNA yonse inali ya pakatikati, yosalemera ngati poyamba komanso yosapepuka kwenikweni. DNA yakale ikanati izitsala yathunthu, akanapeza magulu awiri, lolemera ndi lopepuka. Atagawikana kachiwiri, theka linali la pakatikati, theka lopepuka. Zimenezi zimatheka pokhapokha ngati chingwe chakale chilichonse chimakhala chathunthu n'kupeza chinzake chatsopano. Pa kafukufuku yense wa m'silabasi mwanu, uyu ndi amene ndimamukonda kwambiri, chifukwa funso lake ndi lomveka ndipo yankho lake limaoneka ndi maso.

Makromozomu 23 a mbali imodzi ali ndi mabesi ogwirana pafupifupi 3 biliyoni, ndiye zolakwika sizingalephere. Polimarezi imayang'ananso besi imene yaika kumene, ikakhala yolakwika imaichotsa, ndipo maenzaimu ena amakonza zotsala. Zopulumuka ndi zochepa kwambiri, koma zikapulumuka zimakopedwanso m'maselo otsatira. Uku ndiko kusintha kwa jini. Matenda a siko selo, amene mabanja ena kuno kwathu akulimbana nawo, anachokera pa besi imodzi: mu jini ya himogulobini, GAG inasanduka GTG, ndipo amino asidi imodzi inasintha. Mwana amadwala akalandira jini yotereyi kwa makolo onse awiri. Si ufiti, si kulakwa kwa mayi, ndipo inu amene mwaphunzira zimenezi muzifotokoza kumudzi mwaulemu. Wolandira jiniyo kwa kholo limodzi nthawi zambiri sadwala, ndipo amatetezekako ku malungo aakulu, n'chifukwa chake jiniyo ndi yofala kumadera a malungo. Kusintha kwina kumabweretsa kusiyana kothandiza, monga kumene akatswiri a mbewu ku Msekera amasankhapo akamafuna nshawa zopirira matenda.

Loweruka tidzaitulutsa DNA kuti muione. Gulu lililonse libweretse nthochi yakupsa imodzi, mchere pang'ono, kapu yoonekera mkati ndi kansalu kosefera. Sopo wamadzi wotsukira mbale ndi sipiriti wozizira ndibweretsa ndine. Tidzakanya nthochi m'madzi a mchere, sopo adzaswa zikopa za maselo ndi za nyukiliyasi, tidzasefa, kenako tidzathira sipiriti pang'onopang'ono m'mbali mwa kapu. DNA siisungunuka mu sipiriti, choncho idzaoneka ngati ulusi woyera pomwe madzi awiriwo akumana. Kupotoka kuja simudzakuona, n'kochepa kwambiri. Sipiriti amayaka ndipo ndi poizoni, pasapezeke woyatsa moto kapena wolawa.

Mubwere mutayankha izi m'makope anu. Lembani chingwe chogwirana ndi ichi, ndipo muonetse nsonga zake:

```
5'-G A T T C G C A T-3'
```

DNA ina ili ndi G 18%. Pezani kuchuluka kwa A. Pomaliza, mabakiteriya a Meselson ndi Stahl akagawikana kachitatu mu N-14, ndi gawo lanji la DNA limene lidzakhale la pakatikati? Jambulani mibadwo yonse itatu ndi zolembera ziwiri musanalembe yankho.