Kalata yopempha ndalama zothokoza pakutha pa kontirakiti

18 Ogasiti 2025

Kwa Mkulu Woyang'anira za Antchito

Wokondedwa Bwana,

PEMPHO LA NDALAMA ZOTHOKOZA PAKUTHA PA KONTIRAKITI YANGA

Ndikulemba kalatayi kupempha kuti mundipatse ndalama zothokoza zomwe tinagwirizana m'kontirakiti yanga. Ndinagwira ntchito yoyang'anira katundu m'nyumba yanu yosungiramo katundu kuyambira pa 1 Julayi 2023 mpaka pa 30 Juni 2025, tsiku lomwe kontirakitiyo inatha.

Ndime 11(b) ya kontirakitiyi ikuti: "Wantchito akamaliza nthawi yonse ya mgwirizanowu, adzalandira ndalama zothokoza zokwana 15 peresenti ya malipiro ake onse a pamwezi, osaphatikizapo maalawansi, ndipo zidzaperekedwa pasanathe masiku 30 chithereni mgwirizanowu." Masiku 30 amenewa anakwana pa 30 Julayi, koma mpaka lero ku akaunti yanga sikunalowe kanthu.

Chaka choyamba ndinkalandira K620,000 pamwezi, yomwe pamiyezi 12 ndi K7,440,000. Chaka chachiwiri munandikwezera kufika pa K700,000, yomwe ndi K8,400,000. Zonse pamodzi ndi K15,840,000, ndipo 15 peresenti yake ndi K2,376,000. Msonkho woyenera muchotsepo monga mwa lamulo, koma mundilembere momwe mwawerengera.

Nditafunsa ku ofesi ya zachuma, anandiyankha pakamwa kuti ndalamazi zaimitsidwa chifukwa ndinakana kontirakiti yatsopano. Bwana, mfundo imeneyi sindikugwirizana nayo. Ndime 11 sikunena paliponse kuti munthu ayambe wavomera kupitiriza ntchito kuti alandire ndalamazi. Chomwe chingamulepheretse n'chimodzi chokha, cholembedwa pa 11(c): kusiya ntchito nthawi isanakwane kapena kuchotsedwa chifukwa cha mlandu. Ine ndinagwira mpaka tsiku lomaliza, ndipo m'faelo yanga mulibe ngakhale kalata imodzi ya chenjezo. Patsikulo tinawerengera limodzi katundu yense ndi amene anandilowa m'malo, ndinapereka makiyi, kompyuta ndi chiphaso chapantchito, ndipo inuyo munasaina fomu yosonyeza kuti ndilibe ngongole ndi kampani.

Ndinagwira nanu ntchito bwino, ndipo sindikufuna kuti tisiyane ndi mangawa. Koma ndalamazi ndi thukuta langa, ndipo ndinkazidalira kuti zindisunge pamene ndikufunafuna ntchito ina.

Choncho ndikupempha kuti muike ndalamazi ku akaunti yomwe munkandilipirirako pofika pa 1 Seputembala 2025. Ngati pali pomwe mukuona kuti masamu athu akusiyana, mundiyankhe mwa kalata tsikuli lisanafike, ndipo mutchule ndime yomwe mukutsamirapo. Tsikuli likadutsa popanda yankho, nkhaniyi ndidzaitengera ku ofesi ya boma yoona za ntchito.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza makope a kontirakiti, kalata yondikwezera malipiro, mapepala a malipiro a miyezi yonse 24 ndi fomu yomwe munasaina ija.

Ine wanu,

Tiyamike Chimwala