Pempho lokonza chaka pa setifiketi ya imfa ya amuna anga

9 Juni 2025

Kwa Bwana Mkulu oona za kalembera ku boma,

Nambala ya setifiketi: 0417/25
Nambala ya lisiti la fomu yokonzetsa: 583206, la pa 24 Malichi 2025

Bwana, ndalemba kupempha kuti ofesi yanu indikonzere setifiketi ya imfa ya amuna anga imene nambala yake ili pamwambayi. Malemuwo anali mphunzitsi wa pulayimale, anatisiya Lachisanu pa 14 Febuluwale 2025 kuchipatala cha boma atagonekedwa masiku 6, koma pa setifiketi munandipatsa palembedwa 14 Febuluwale 2024. Dzina lili bwinobwino, nambala ya chiphaso chaunzika ili bwino, mudzi ndi mfumu yaikulu zonse zili m'malo mwake, chalakwika ndi chaka chokhacho basi, 4 pamene panafunika 5.

Ineyo tsiku lolandiralo sindinaone, mutu unali usanakhazikike, ndinangoipinda nkuika m'chikwama. Ndinazadziwa nditapita nayo ku ofesi ya zamaphunziro kukayambitsa za ndalama za malemu, mayi amene ankaona mapepalawo anaika setifiketi apa peyisilipi ya Januwale 2025 apa nkundifunsa kuti mayi, munthu womwalira chaka chatha ankalandira bwanji malipiro mpaka chaka chino? Ndinasowa chonena. Bambo aja agwira choko zaka 22, chaka cha 2024 chonse ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita kukaphunzitsa Sitandade 7, ndiye lero pepala lizioneka ngati ankadya ndalama za boma ali kumanda, zimenezi zinandipweteka kuposa kuchedwa kwa ndalamako. Mayiwo sanalakwe ayi, anandiuza mwaulemu kuti failo singayende mpaka setifiketi itakonzedwa.

Ku ofesi kwanu ndafikako katatu. Pa 24 Malichi ndinadzaza fomu yokonzetsa nkusiya setifiketi yolakwikayo pa kauntala, lisiti ndili nalo. Pa 15 Epulo anandiuza kuti netiweki palibe ndibwerenso. Pa 20 Meyi ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka 2 koloko masana kenako anati failo yanga sikuoneka, ndisiye nambala ya foni andiimbira, mpaka lero foniyo sinalire. Ulendo umodzi kupita ndi kubwera ndi K14,000, kabaza kukafika pamsewu kenako minibasi, ndiye maulendo atatu ndi K42,000 imene ndinachita kugulitsa matumba a chimanga chomwe chinali choti tidye ndi ana. Mwana wamkulu ali Fomu 3, fizi ya teremu ino sindinamalize, ahedi angondimvera chisoni poti ankadziwana ndi bambo ake koma chisoni chili ndi polekezera.

Sindikuloza chala munthu aliyense, kulakwitsa nambala imodzi pa kompyuta aliyense atha kutero. Chomwe ndikukana ndi choti cholakwa chisali changa chizindiyendetsa ine miyezi itatu. Kuti pasakhalenso chovuta olo failo yoyamba ija isapezeke, ndaphatikiza pa kalatayi fotokope ya fomu ya imfa imene adokotala anasaina ndi kudinda yoonetsa 2025, fotokope ya chiphaso cha malemu ndi changa, kalata ya a gulupu yochitira umboni kuti maliro tinaika pa 16 Febuluwale 2025, peyisilipi ya Januwale ija, ndi fotokope ya lisiti 583206. Mapepala enieniwo ndasunga, ndibwera nawo mukafuna kuwaona ndi maso koma sindiwasiyanso.

Pempho langa ndi loti setifiketi yokonzedwa ikhale itatuluka pofika Lolemba pa 30 Juni 2025, tsiku limenelo ndidzafika m'mawa. Ngati pali chifukwa choti singatuluke pofika tsikulo chonde mundiyankhe polemba, mundiuze chatsala ndi chani komanso amene akugwira failo yanga ndi ndani kuti ndizidziwa khomo logogoda, poti gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu kwa munthu wopatsidwa zifukwa molemba pamene ntchito ya ofesi ikukhudza ufulu wake. Ndikapanda kulandira setifiketi kapena yankho ndidzakasiya dandaulo kwa a DC komanso ku ofesi ya Ombudsman, ndanena poyera kuti musadzamve kumbali ngati ndakuzembani, ndipo ndingakonde zedi kuti zithere pa tebulo panu pomwepo.

Kalatayi ndalemba ziwiri, ndikupempha amene ailandire adinde ndi kulemba deti pa inayo kuti ndibwerere nayo. Nambala ya foni ndi yomwe ija ili pa fomu, imakhala yoyatsa.

Zikomo kwambiri bwana, Mulungu akudalitseni pa ntchito yanu.

Ine,
Nachisale, mkazi wa malemu