Pepala la Lachisanu

Envulopu inafika Lachisanu masana, nthawi imene famu yonse inkathamangira kutseka Sabata lisanalowe. Mkazi wa bwana anaipereka kwa Yamikani pawindo la galimoto, nanena mawu awiri atatu amene iye sanawamve, n'kunyamuka. Ofesi ya dokotala inali itatseka kale, ndipo kuno sabata la ntchito limayamba Lamlungu.

Anakalowa m'kontena momwe ankagona anthu anayi, nakhala pabedi ali ndi nsapato zomwe. Pepalalo linali la Chiheberi. Chiyambireni ntchito m'mashedi a tsabola ku Arava, m'chipululu cha kumwera kwa Israel, anali atatola mawu angapo apakamwa monga madzi, fulumira ndi mawa. Koma zilembo sankazidziwa, ankangodziwa kuti zimawerengedwa kuchokera kumanja. Anapeza dzina lake m'zilembo zachizungu, nambala ya pasipoti ndi tsiku limene anamutenga magazi. Manambala okha ndi amene ankayenda mbali yozolowereka.

Mizere yambiri inalibe chizindikiro chilichonse. Umodzi unali ndi 3100 m'zilembo zakuda bii, pambali pake L, ndipo patsogolo 5300 mpaka 12900. Pansi penipeni panali chidindo, ndi mzere umodzi wolembedwa pamanja umene dokotala anaudula kunsi kawiri.

Mwezi wathawo mnyamata wina wa ku Mzimba pafamu yoyandikana nayo anapatsidwa pepala, ndipo sabata isanathe anali pabwalo la ndege. Palibe anadziwa chimene chinalembedwamo. Ena ankati chifuwa chachikulu, ena ankati anayambana ndi bwana. Yamikani anaganiza za nyumba yake ku Dedza imene inali itafika pamawindo, ndi ngongole ya kubanki mkhonde imene amayi ake anatenga kuti iye apange pasipoti. Anapinda pepala nalilowetsa m'thumba atamva Dalitso akubwera.

"Achimwene, ufa watsala wa lero basi. Tiphike?"

"Phika. Ine sindikumva njala."

Usiku anatuluka kukakhala kuseri kwa thanki, pamene netiweki imagwira bwino, najambula pepala lija n'kutumiza kwa achemwali ake, anamwino pachipatala china chaching'ono ku Ntcheu. Sipanapite nthawi, foni inalira.

"Iwe, ukugwira ntchito yanji kumeneko?"

"Ya tsabola, achemwali. Ndinakuuzani."

"Usandinamize. Magazi awa sayeza munthu wothyola tsabola. Ukupopera mankhwala?"

Anakhala chete, kenako anavomera. Kupopera kunkachitika madzulo dzuwa litapepa, ndipo maola amenewo ankalipidwa ngati ovataimu. Ndi iye mwini anapempha ntchitoyo.

Achemwali anafotokoza pang'onopang'ono, mwa mawu amene amalankhulira ndi odwala. Chimene anayezacho amachitcha kolinesitelezi. Ntchito yake m'thupi ndi kuchotsa uthenga umene mtsempha watumiza ku mnofu, kuti mnofuwo upume. Mankhwala ena ophera tizilombo, a gulu limodzi ndi akiteliki wothira m'chimanga uja, amachimanga chinthu chimenechi, ndipo amalowa ngakhale pakhungu. L uja akutanthauza kuti chatsika.

"Mutu ukumapweteka? Malovu akumachuluka? Thukuta, m'mimba kupotokola, maso kuona mwachimbuuzi?"

"Kuno kumatentha, achemwali. Aliyense amatuluka thukuta."

"Ndakufunsa za mutu."

"Umapweteka ndikaweruka."

"Chophimba kumphuno umavala?"

"M'shedi mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Ndimavala poyamba, kenako ndimatsitsa."

Achemwali anapuma mwamphamvu. Anati munthu akasiya kukhudza mankhwalawo magazi amabwerera mwakale pakapita masabata, koma akapitiriza tsiku lina amagwa n'kulephera kupuma. Za mzere wolembedwa pamanja uja anati sangathandize. "Ine Chiheberi ndinachionera kuti? Funsa anthu kumeneko. Ndipo amayi usawauze kaye."

Loweruka kunalibe ntchito. Anthu a ku Thailand, amene ndiwo ochuluka m'mafamu amenewa, ankawotcha nsomba kuseri kwa kontena yawo. Yamikani anakokera pambali Leki, amene anali atakhala kuno zaka zinayi, namuonetsa mzere uja ataphimba nambala ndi chala. Leki anauyang'anitsitsa, naloza tizilembo tiwiri toyambirira kumanja.

"Lo," anatero, akupukusa mutu.

Mawu amenewo Yamikani ankawadziwa bwino, bwana ankawanena kambirimbiri patsiku. Ndi ayi. Koma ayi wa chiyani? Leki anatambasula manja. Ankadziwa kulankhula, kuwerenga ayi, makamaka zolemba za dokotala. Anamupatsa nsomba, namusisita paphewa mwachifundo, ndipo zimenezo zinangowonjezera mantha.

Madzulo amenewo anawerengera ndalama zake kuseri kwa envulopu yomweyo. Akamubweza tsopano, malata sagulika. Anaganizapo zong'amba pepalalo n'kukhala ngati silinafike. Anafika poligwira ndi manja awiri, koma anakumbukira kuti amene anamupatsa ndi mkazi wa bwana, ndipo envulopuyo inali yosamata.

Lamlungu m'mamawa kunabwera lole yodzatenga tsabola. Dalaivala wake anali bambo wachikulire wa Chibeduwini, wolankhula Chiarabu, Chiheberi ndi Chingerezi chothyokathyoka. Yamikani anadikira mpaka mabokosi atakwera, ndipo anamupatsa pepala lija osanena kanthu. Bamboyo anavala magalasi, nawerenga milomo ikugwedezeka, nabwerezanso.

"Akuti usapopere masiku 30. Ukatero ukayezetsenso magazi. Ntchito zina zonse ukhoza kugwira."

"Za ndege palibe?"

"Ndege yanji?" Bamboyo anaseka, koma kusekako sikunakhalitse. Anamugwira dzanja nalitembenuza, nayang'ana zikhadabo. "Mwana wanga, zovala zopoperera umachapa pamodzi ndi zogonera?"

Yamikani sanayankhe.

Bwana anabwera pathirakitala cha m'ma 7. Anali ndi pepala lakelake lofanana ndi lija m'thumba la malaya, ndipo zinaoneka kuti analiwerenga Lachisanu lomwelo. Analoza Yamikani, naloza shedi yopakira. Kenako anayang'ana anyamata amene anaima pamzere.

"Risusi?" anafunsa, akupanga chizindikiro cha kupopera ndi dzanja.

Dalitso anakweza mkono asanamalize n'komwe. Anali ndi zaka 22, mkazi wake anali woyembekezera ku Mchinji, ndipo kwa miyezi ingapo ankadandaula kuti ovataimu yonse ikupita kwa munthu mmodzi.

Masana Yamikani anamupeza akuyesa ovolosi, akuimba. Anatenga chophimba kumphuno chija pamsomali, natsegula zosefera zake. Zinali zomwe zija anazipeza atangoyamba, zitasanduka zachikasu.

"Izi usavale. Ukauze bwana akupatse zatsopano, ndi magolovesi aatali."

"Aaa, achimwene, tsiku loyamba lomweli ndiyambe kuvuta? Andichotsa."

"Ndiye tipitire limodzi."

"Mukanena bwanji? Chiheberi mumachidziwa inu?"

Yamikani anatulutsa pepala lija, lomwe tsopano linali litada m'mopinda, natenga zosefera zija kudzanja linalo.

"Awerenga yekha. Tiye asanapite kukadya."