Sikafu Yoyamba: Kalukidwe ka Sitichi ya Gata, Mzere ndi Mzere

Ndalemba izi chifukwa cha amayi atatu amene alowa kumene m'gulu lathu la Lachinayi, komanso aliyense amene sanagwirepo singano zolukira. Kuno ku Dedza mukayamba mu Epulo, pofika Juni mphepo ikamaluma makutu, mwana wopita kusukulu m'mamawa adzakhala ali ndi chofunda m'khosi. Sikafu imeneyi ili ndi sitichi imodzi yokha, ya puleni, kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Puleni akalukidwa m'mizere yonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndiye amatchedwa gata. Ubwino wake, nsalu ya gata sipindika m'mphepete, ndipo mbali zonse ziwiri zimaoneka pafupifupi chimodzimodzi.

Ikatha idzakhala masentimita 18 m'lifupi ndi masentimita 150 m'litali, osawerengera mphonje.

Zofunika

Wulu wa DK, zilembo zimenezi zimasonyeza kunenepa kwa wulu ndipo mudzaziona pa kapepala kokulunga wuluyo. Mugule mipira iwiri ya magalamu 100 ya mtundu waukulu, ine ndasankha wobiriwira, ndi mpira umodzi wa magalamu 50 woyera. Yobiriwira iwiriyo muigule tsiku limodzi, ndipo muone kuti nambala ya utoto pa timapepala take ikufanana, chifukwa mitundu imasiyanako pang'ono ngakhale dzina lili limodzi. Wakuda musayambire. Masitichi ake saoneka, makamaka madzulo.

Singano ziwiri za mamilimita 4.5. Ngati mwabwereka zakale za agogo, zolembedwa manambala a ku Britain, ndi nambala 7. Mufunikanso sizasi, tepi yoyezera, singano yosokera wulu ya bowo lalikulu, kope ndi pensulo.

Ndi wulu ndi singano zimenezi, masitichi pafupifupi 20 ndi mizere 40 zimapereka masentimita 10. Zanu zikasiyana pang'ono palibe kanthu, sikafu si juzi yoti ikuthineni.

Kuika masitichi pa singano

Siyani mchira wa wulu wobiriwira wotalika masentimita 15. Pangani mfundo yotsetsereka: zengani wulu pa zala ziwiri, kokerani wulu wa ku mpira kudzera m'kati mwa chizengocho kuti patuluke khwekhwe, lowetsani singano m'khwekhwemo, kenaka kokani pang'ono. Imeneyi ndi sitichi yoyamba. Singano imeneyi igwireni kumanzere, yopanda kanthu kumanja.

Lowetsani nsonga ya singano ya kumanja mu sitichiyo, kuchokera kutsogolo, ikatulukire kumbuyo kunsi kwa singano ya kumanzere. Singanozo zipingasane. Ndi dzanja lamanja, zengani wulu wa ku mpira pa singano ya kumanja, kuchokera kumbuyo, kudzera pansi, kukathera pakati pa singano ziwirizo. Bwezani nsonga ya singano ya kumanja kutsogolo itanyamula wuluwo. Patuluka khwekhwe latsopano. Likokeni litalikeko, mulikoleke pa singano ya kumanzere, muchotse ya kumanja. Tsopano masitichi ndi awiri.

Bwerezani zomwezo mu sitichi yatsopanoyo, mpaka akwane 36. Awerengeni kawiri. Ayenera kumayenda pa singano mukawakankha ndi chala. Ngati akukanirira, masulani muyambenso momasuka, chifukwa mzere woyamba pa masitichi othina ndi umene umagwetsa anthu ulesi.

Mzere 1: lukani puleni masitichi onse 36.

Puleni ali ndi mbali zinayi, ndipo zitatu mwazichita kale. Singano ya masitichi ikhale kumanzere, wulu ukhale kumbuyo kwa ntchito. Lowetsani singano ya kumanja mu sitichi yoyamba monga muja. Zengani wulu. Tulutsani khwekhwe latsopano kutsogolo. Kusiyana kuli apa: khwekhwelo likhale pa singano ya kumanja, ndipo sitichi yakale muitsetsereze ichoke pa singano ya kumanzere. Ndikamaphunzitsa ndimati anthu azinena mokweza: lowetsa, zenga, tulutsa, gwetsa. Chitani choncho mpaka singano ya kumanzere itatsala yopanda kanthu. Werengani. Akhale 36.

Mzere 2: sinthanitsani singano, yodzazayo ibwerere kumanzere, ndipo lukani puleni 36.

Musanalowetse singano, yang'anani pamene pali wulu. Uyenera kulendewera pansi pa singano kenaka n'kupita kumbuyo. Mukaukokera kumbuyo podzera pamwamba pa singano, sitichi yoyamba imatembenuka n'kuoneka ngati ili ndi miyendo iwiri, inu n'kuluka yonse iwiri. Sikafu yanga yoyamba inayamba ndi masitichi 30, pofika pakati anali 41, ndipo mayi anga aang'ono amene amandiphunzitsa anaiyala pa mkeka n'kundionetsa ndi chala malo alionse amene ndinachita zimenezi. Kuyambira pamenepo ndimawerenga mzere uliwonse ukatha, mpaka manja atazolowera wuluwo.

Mzere 3: puleni 36. Mukangoyamba mzere umenewu, mangirirani kachidutswa ka wulu woyera pa mbali imene yakuyang'anani. Mbali imeneyi ndiyo kumaso kwa sikafu. Kachidutswako kakamakuyang'anani pamene mukuyamba mzere, ndiye kuti mzerewo ndi wa nambala yosagawika pawiri, monga 3, 5, 7.

Mzere 4: puleni 36. Yalani ntchito yanu pa bondo. Muona timitumbira topingasa ngati m'munda wa mbatata. Kamtumbira kamodzi ndi mizere iwiri. Mukasokonezeka, werengani timitumbira mbali imodzi, muchulukitse ndi 2.

Mizere 5 mpaka 20: puleni 36 mzere uliwonse, ndi wulu wobiriwira. Mzere uliwonse ukatha, lembani kamzere m'kope. Pofika mzere 20 mwaluka pafupifupi masentimita 5. Mizere yoyambayi imaoneka yokhotakhota, ena masitichi aakulu ena aang'ono. Musamasule. Wulu ukachapidwa umakhazikika, ndipo manja amaphunzira poluka, osati pomasula.

Mzere 21: apa tisintha mtundu. Dulani wobiriwira kusiya mchira wa masentimita 15. Lowetsani singano mu sitichi yoyamba, zengani wulu woyera mutasiyanso mchira wa masentimita 15, ndipo lukani puleni 36. Sitichi yoyamba ikhala yolekera. Mukamaliza mzere, kokani michira iwiriyo pang'ono n'kuimanga mfundo yosalimba, yoti mudzamasule pomaliza.

Mtundu tizisintha poyamba mzere wa kumaso basi. Pamene mitundu yakumana pamatuluka timadontho tosakanizika, ndipo mukatsata lamuloli timadontho tonse tidzakhala kumbuyo.

Mizere 22 mpaka 30: puleni 36, woyera.

Mizere 31 mpaka 40: puleni 36, wobiriwira.

Mizere 41 mpaka 50: puleni 36, woyera.

Mizere 51 mpaka 550: puleni 36, wobiriwira.

Chigawo chimenechi ndi chachitali, mizere 500, pafupifupi masentimita 125. Apa kope mukhoza kuliika pambali, tepi ikuthandizani. Poyeza, yalani sikafu pa tebulo osaikoka, chifukwa gata amatamuka kwambiri ndipo akhoza kukunamizani kuti mwafika. Lekani pamene kuchokera poyambira pakwana masentimita 138, ndipo mzere womaliza ukhale wa kumbuyo kuti wotsatira udzayambe kachidutswa koyera kakukuyang'anani. Mukamaluka mizere 20 tsiku lililonse, chigawochi chimatha masiku 25. Ngati ndi ya mwana wamng'ono, lekani pa masentimita 100.

M'chigawo chomwechi mpira woyamba udzatha. Musalumikize pakati pa mzere, mfundo yake imadzaonekera. Mzere umodzi umafuna wulu wotalika pafupifupi kanayi kuposa m'lifupi mwa sikafu, ndiye ngati wotsalawo sukufika pamenepo, yambani mpira watsopano kumayambiriro kwa mzere monga munachitira pa mzere 21.

Mudzaitanidwanso muli pakati pa mzere, mwina ndiwo zikupserera, mwina kwabwera alendo. Mukabwerera, singano imene ili ndi sitichi yolumikizana ndi wulu wa ku mpira ndiyo ya kumanja. Mukaisemphanitsa mubwerera m'mbuyo mzere usanathe, ndipo pamenepo padzakhala bowo ndi mbali imodzi yotalika kuposa inzake. Ngati n'kotheka, malizani mzere musananyamuke.

Sitichi ikapulumuka pa singano, musakoke nsalu. Itoleni msanga ndi nsonga ya singano muibwezere kumanzere. Ikakhala kuti yatsika mizere ingapo, ikoleni ndi pini kuti isapitirire, mubwere nayo Lachinayi tidzaikweze limodzi. Mukapeza 37, lukani masitichi awiri pamodzi ngati imodzi kumayambiriro kwa mzere wotsatira, abwerera pa 36.

Mizere 551 mpaka 560: puleni 36, woyera.

Mizere 561 mpaka 570: puleni 36, wobiriwira.

Mizere 571 mpaka 580: puleni 36, woyera.

Mizere 581 mpaka 600: puleni 36, wobiriwira. Pindani sikafu pakati, mizere yoyera ya mbali ziwirizo ikumane.

Kutseka

Lukani masitichi awiri. Ndi nsonga ya singano ya kumanzere, nyamulani sitichi yoyamba ija, muidumphitse pamwamba pa yachiwiri, igwe. Kumanja kwatsala imodzi. Lukani ina imodzi, mudumphitsenso yakale pamwamba pa yatsopano. Pitirizani mpaka patsale imodzi yokha. Manja akhale omasuka kwambiri apa, apo ayi mapeto adzakhwinyata n'kuchepa kuposa poyambira. Amene manja awo ndi othina atsekere ndi singano yokulirapo, ya mamilimita 5 kapena 5.5. Dulani wulu kusiya masentimita 15, lowetsani mchirawo mu sitichi yomaliza, kokani.

Tsopano michira. Masulani mfundo zija, lowetsani mchira uliwonse mu singano ya bowo lalikulu, muuyendetse m'timitumbira ta kumbuyo kwa masentimita 5, mubwerere pang'ono, kenaka dulani. Woyera ubisike m'moyera, wobiriwira m'mobiriwira.

Mphonje ndi za amene akuzifuna. Dulani zidutswa 72 za masentimita 30. Tengani zitatu, pindani pakati, lowetsani popindikapo m'mphepete mwa sikafu pogwiritsa ntchito singano yosokera ija kapena pini ya tsitsi, ndiye michira muidutsitse m'khwekhwelo n'kukoka. Ikani pa sitichi yachitatu iliyonse, mphonje 12 mbali imodzi, 12 mbali inayo, kenaka ziduleni zifanane. Ya mwana wakhanda kapena woyamba kuyenda musaike mphonje, amaziika m'kamwa.

Ichapeni ndi manja m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, finyani osapotokola, muiyanike chogoneka pa thaulo pamthunzi. Pa chingwe imatamuka n'kukhala yowonda. Wulu wambiri amene timagula m'masitolo ndi wa akiriliki, umasungunuka ndi moto, choncho musaisite, ndipo mwana akamawotha pa mbaula m'mawa aziyamba wailowetsa m'juzi.