Malipiro asathe pa 15: konzani bajeti ya mwezi pa foni

1/7
Mwalandira pa 27, pofika pa 15 mwayamba kale kukongola shuga paokala. Inenso ndinkakhala choncho. Chomwe chinandithandiza ndi foni yomwe ndili nayo m'manjayi. Tiyeni tiyambe.

2/7
Musathamangire kulemba bajeti. Yambani mwatsegula mameseji a Airtel Money kapena TNM Mpamba a mwezi watha, muwerenge umodziumodzi. Apa ndi powawa, koma musalumphepo. Ine ndinapeza kuti ndinagula bandulo ka 11, kabaza kangapo chifukwa chodzuka mochedwa, ndiponso ndalama zambiri zinapita podulidwa potapa pang'onopang'ono kwa ejenti. Zomwe munagula ndi ndalama zapamanja, monga tomato ndi bonya, zikumbukireni mulembe mu Notes.

3/7
Ikani Google Sheets, ndi yaulere. Tsegulani tsamba latsopano, dinani timadontho titatu pamwamba, muyatse Available offline kuti izigwira ntchito ngakhale bandulo itatha.

4/7
Mu A lembani dzina, mu B ndalama. Mzere woyamba ukhale wa zomwe mumalandiradi, osati za ganyu amene mukungomuyembekezera. Chitsanzo cha banja la ku Area 25:

Malipiro 420000
Lendi 100000
Chakudya 130000
Minibasi 55000
Magetsi ndi madzi 30000
Makala 20000
Mayunitsi ndi bandulo 15000
Kumudzi 25000
Banki m'khonde 25000
Zadzidzidzi 20000

Lembani manambala okhaokha, opanda K. Mzere wa kumudzi musauchotse. Amayi adzaimba ndithu, ndipo ndi bwino adzapeze mutawasungira kale.

5/7
Mu B11 ndi B12 lembani izi:

```
=SUM(B2:B10)
=B1-B11
```

B12 ikaonetsa nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo, ndiye kuti mwagawa ndalama zomwe mulibe. Chepetsani bandulo kapena mayendedwe. Lendi siikhudzidwa, zadzidzidzi nazonso ayi, chifukwa maliro ndi malungo sagogoda.

6/7
Tsiku lolandira, lipirani zikuluzikulu musanadutse pamsika: lendi, mayunitsi a ESCOM, banki m'khonde. Pa *211# kapena *444# zambiri zimatheka muli pakhomo. Pa chakudya, gulani ufa, mafuta ndi sopo za K50,000 kamodzi, K80,000 yotsalayo muigawe panayi. Ndiye kuti K20,000 pa sabata. Ikatha Lachisanu, Loweruka ndi tsiku la nyemba, osabwereka ya sabata yamawa.

7/7
Mu C muzilemba zomwe mwagwiritsa ntchito, ndipo mu D2 ikani:

```
=B2-C2
```

Koperani mpaka D10 kuti muziona zotsala pa mzere uliwonse. Tcherani alamu ya 8 koloko madzulo, mukatha kudya nsima, muwonjezere za tsikulo pa nambala zomwe zili kale mu C, ngakhale mandasi a K500. Ngati muli pabanja, dinani timadontho titatu tija, kenako Share & export kuti amuna kapena akazi anu aziona tsamba lomwelo.