Kalata yosiyira ntchito: marekodi a DNS a sukulu yathu

Mulanje, 18 Julayi 2025

Madamu a kompyuta,

Nthawi yanga yothandiza ku labu ikutha Lachisanu likudzali, ndiye ndati ndilembe zonse zokhudza domeni ya sukulu, `pansipaphiri.ac.mw`, kuti zisapite nane pa minibasi ya ku Limbe. Kope lina ndapereka kwa aHedi, lina kwa abasala. Mapasiwedi sali m'kalata muno. Ali mu envulopu yomata mu sefa ya aHedi, pamodzi ndi manambala osungira olowera mu akaunti foni ikatayika.

Pempho langa lalikulu ndi limodzi: musafufute rekodi ya DNS, mzere wouza makompyuta kumene dzina lathu likuloza, chifukwa choti simukuidziwa ntchito yake. Zambiri mwa izi zimaoneka ngati zinyalala zimene wina anaiwala kusesa, koma ndi zomwezo zikugwira imelo ya aphunzitsi onse.

Tiyambe ndi muzu. Domeniyi sitinagule, timabwereka. Mayina onse othera ndi `.mw` amasungidwa ndi a Malawi SDNP ku Blantyre, ndipo lathu likutha pa 14 Malichi 2026. Likatha osalipira, webusayiti, imelo ndi Moodle zimafa pamodzi, ngakhale marekodi onse ali m'malo mwake. Ndawapempha abasala kuti ndalama yake ilowe mu bajeti ya teremu yachiwiri ndipo alipire mu Febuluwale, osadikira tsiku lomaliza. Chinanso chimene ndinachikonza dala: adiresi ya imelo yolandirira zikumbutso si ya pa domeni yathu, ndi ya kunja, ya aHedi. Mukaisintha n'kuikapo ya sukulu, tsiku limene domeni idzathe ndi tsiku lomwelo limene uthenga wokuthandizani kuibweza udzalephere kukufikani. Kiyi wotsegulira nyumba sasungidwa m'nyumba momwemo. Akaunti ya Cloudflare, kampani imene imatisungira marekodi a DNS, nayo ndi chimodzimodzi.

Ku SDNP kuli marekodi awiri okha athu, a NS. Amenewa amauza dziko lonse kuti wofuna za sukulu yathu akafunse ku Cloudflare:

```
@   NS   ada.ns.cloudflare.com.
@   NS   kirk.ns.cloudflare.com.
```

Chizindikiro cha `@` chikuimira dzina la domeni lenilenilo, lopanda kanthu kutsogolo. Wina akakuimbirani foni kuti akupangirani webusayiti yatsopano ndipo musinthe awiriwa, kanani. Mukasintha NS, marekodi onse amene ndalemba m'munsimu satsatira okha, amatsala kumbuyo, ndipo imelo imaima. Wopanga webusayiti angokupatsani adiresi ya seva yake, inu musinthe mzere umodzi wa A basi. Rekodi ya SOA imasamalidwa ndi Cloudflare, inu mulibe nayo ntchito.

Mukalowa mu Cloudflare, pa DNS, mupeza mizere 11. Itatu yoyamba ndi yosavuta:

```
@            A       203.0.113.24
www          CNAME   pansipaphiri.ac.mw.
maphunziro   A       203.0.113.24
```

Woyamba ndi webusayiti, pamene makolo amaonapo kalendala ya teremu ndi fizi. Wachiwiri umangoti amene walemba `www` kutsogolo apite komweko. Wachitatu ndi Moodle, kumene a Folomu 4 amatenga mapepala akale okonzekera MSCE. Zonsezi zili pa seva imodzi imene timabwereka mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake nambala ikufanana. Seva ikadzasintha, nambalayi isinthidwe m'malo atatu, osati awiri. Malo achitatuwo abisala mu rekodi ya SPF, ndifikako.

Pambali pa mizere itatuyi pali kamtambo kotuwa, kolembedwa `DNS only`. Cloudflare imakonda kukukumbutsani kuti mukasandutse kaolenji. Ine ndinakasiya kotuwa kuti njira ikhale yachindunji: chinthu chikavuta, mumadziwa kuti vuto lili pa seva yathu, palibe wina pakati. Tsiku lina mungafune kuyesa kaolenji pa webusayiti, palibe choletsa, koma osati m'sabata ya mayeso.

Tsopano imelo, kumene kuli ntchito yambiri. Aphunzitsi onse 23 ndi ofesi ali pa Google Workspace for Education. Rekodi imene imalandira makalata ndi iyi:

```
@   MX   1   smtp.google.com.
```

Ndi umodzi wokha ndipo ukukwanira. Mukadzawerenga malangizo akale mudzaona mizere isanu yoyamba ndi `aspmx.l.google.com`. Imeneyo ndi njira yakale, imagwirabe ntchito kwa amene ali nayo, koma ife sitikuifuna. Musaphatikize. MX ikachoka, makalata ochokera ku ofesi ya maphunziro kapena kwa amene amalipirira ana fizi amabwerera kwa eni ake, inu osadziwa kuti munalemberedwa.

MX ndi yolandira. Zotumiza zili ndi marekodi atatu, onse a mtundu wa TXT, ndipo ntchito yawo ndi kutsimikizira anthu akunja kuti kalata yachokeradi kwa ife. Woyamba ndi SPF:

```
@   TXT   "v=spf1 include:_spf.google.com ip4:203.0.113.24 ~all"
```

Uwu ndi mndandanda wa ololedwa kutumiza m'dzina la sukulu: Google, komanso seva yathu ija, chifukwa Moodle imatumizira ana uthenga akaiwala pasiwedi. Apa ndi pamalo pachitatu paja. Lamulo lake n'lakuti domeni ikhale ndi SPF imodzi yokha. Ndikunena izi chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Nditangoika Moodle chaka chatha, m'malo mowonjezera nambala ya seva mu mzere womwewu, ndinapanga wachiwiri. Kwa masiku asanu ndi anayi makalata a aHedi ankagwera mu sipamu kwa anthu, kuphatikizapo lipoti la ndalama lopita kwa otithandiza, mpaka iwo anaimba foni kufunsa ngati sukulu yatsekedwa. AHedi sanandikalipire, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo zinapweteka kuposa kukalipidwa. Choncho kampani ina ikadzakuuzani kuti muike SPF yawo, tengani kachigawo kawo ka `include:` mukalowetse mu mzere womwewu, patsogolo pa `~all`. Musachulutse kwambiri, SPF imaloledwa kufunsa mayina ena maulendo 10 okha.

Wachiwiri ndi DKIM, dzina lake `google._domainkey`. Uwu ndi umene umaoneka ngati mwana anagona pa kiyibodi: zilembo mazana angapo zoyamba ndi `v=DKIM1; k=rsa; p=MIIBIjANBgkq`. Ndi kiyi wa mabiti 2048 amene olandira amayesera siginecha imene Google imadinda pa kalata iliyonse yathu. Sindinaukopere pano dala, chifukwa chilembo chimodzi chikaphonyeka wonse wafa, ndipo sindikufuna wina adzautayipe kuchokera papepala. Ukadzatayika, lowani pa `admin.google.com`, pitani pa Gmail, pa `Authenticate email`, mukaukope pamenepo.

Wachitatu ndi DMARC:

```
_dmarc   TXT   "v=DMARC1; p=none; rua=mailto:dmarc@pansipaphiri.ac.mw"
```

Uwu umauza olandira chochita ndi kalata imene yalephera mayeso awiri aja. Panopa `p=none` ikutanthauza kuti asachite kanthu, angotitumizira malipoti. Malipotiwo amagwera mu bokosi la `dmarc@`, lomwe mudzaliona lodzaza ndi mafayilo osawerengeka. Musatseke bokosilo. Ntchito imene ndikusiya yosamaliza ndi iyi: ndinkafuna kusintha kuti ikhale `p=quarantine`, kuti wakuba akalemba kalata yonamizira kuti ndi abasala, youza makolo kuti alipire fizi pa nambala ina, izigwera mu sipamu. Sindinachite chifukwa sindinatsimikize bwino kuti mauthenga onse a Moodle akudutsa. Maganizo anga ndi oti mudikire teremu yoyamba ithe, mutumize uthenga woyesera kuchokera mu Moodle kupita ku Gmail yanu, mutsegule `Show original`, ndipo mukaona `PASS` pa SPF ndi pa DMARC, musinthe. Atatuwa musawatenge ngati zokongoletsa. Kuyambira Febuluwale 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, ndipo kalata yopanda SPF kapena DKIM ikhoza kukanidwa pakhomo.

Pali TXT ina pa `@` yoyamba ndi `google-site-verification=`. Ndi umboni woti domeniyi ndi yathu. Google imabwera kudzaionanso nthawi ndi nthawi, ndiye isiyeni, sidya kanthu. Mizere iwiri yotsatira ndi iyi:

```
mail   CNAME   ghs.googlehosted.com.
@      CAA     0 issue "letsencrypt.org"
```

Wa `mail` ndi njira yachidule chabe, kuti mphunzitsi akalemba `mail.pansipaphiri.ac.mw` afike ku Gmail. Ukachoka imelo siifa, koma aphunzitsi achikulire angapo amadziwa njira yokhayi, ndipo adzakupezani ku labu m'mawa ndithu. Kamtambo kake kakhale kotuwa nthawi zonse. Wa CAA umanena kuti a Let's Encrypt okha ndi amene angapereke satifiketi, ija imachititsa kuti webusayiti izitseguka ndi `https` popanda chenjezo. Satifiketi zawo zimakhala masiku 90 ndipo seva imazitenganso yokha. Wopanga webusayiti wina akadzadandaula kuti satifiketi yake ikukanidwa, choyambitsa ndi mzere uwu: onjezerani dzina la kampani yake mu mzere wina wa CAA.

Wa nambala 11 ndi wokhawo umene mungafufute. Ndi `kale`, wa A, woloza ku `198.51.100.7`, seva yakale ya webusayiti. Ndausiya chifukwa abambo a laibulale akukoperabe zithunzi za tsiku la mphoto. Lendi ya sevayo ikutha pa 30 Sepitembala. Tsiku lomwelo ufufuteni, chifukwa nambalayo idzapatsidwa kwa munthu wina, ndipo chilichonse chimene adzaikepo chizidzaoneka pansi pa dzina la sukulu yathu.

Pali dzina lina limene simudzalipeza mu Cloudflare. `laibulale.pansipaphiri.ac.mw` lili mu rauta ya ku labu yokha, ndipo likuloza ku `192.168.10.5`, kakompyuta kali pamwamba pa kabati kamene kali ndi Kolibri, pulogalamu ya maphunziro yogwira popanda intaneti. Ndinaliika mmenemo kuti ana aziwerengabe bandulo ikatha, kapena netiweki ikamavuta nthawi ya chiperoni. Limagwira pa Wi-Fi ya sukulu pokha, mwana akati kunyumba sikutseguka ndiye kuti zili bwino. Koma wina akadina kabatani ka `Reset` kuseri kwa rauta, dzinali limafufutika. Fayilo yobwezeretsera ili pa fulashi yofiira mu envulopu ija. Ndamata tepi pa kabataniko, poti ma prifekiti ena amakhulupirira kuti ndiko kamachiza chilichonse magetsi akabwera.

Mukasintha chinthu, musathamangire kusinthanso. TTL ya marekodi athu, nthawi imene makompyuta ena amasunga yankho lakale, ili pa `Auto`, omwe ndi masekondi 300, choncho dikirani mphindi zisanu kapena kupitirirako pang'ono, kenako yesani pa kompyuta ya ku labu:

```
nslookup -type=MX pansipaphiri.ac.mw 1.1.1.1
nslookup -type=TXT _dmarc.pansipaphiri.ac.mw 1.1.1.1
```

Musanakhudze chilichonse, dinani `Export` pa tsamba la DNS musunge fayiloyo. Yanga ya dzulo ili pa fulashi yomweyo, ndipo ndasindikiza ina papepala ili mu pulasitiki, poti tonse tikukumbuka zimene madzi a Freddy anachita ndi mapepala mu Malichi 2023.

Lachitatu masana, mukatha piriyodi yomaliza, tikhale limodzi ola limodzi. Mudzalowe nokha mu akaunti zitatu zonse, ya SDNP, ya Cloudflare ndi ya Google, pa foni yanu, ine nditapinda manja. Zikatheka mudzachotse dzina langa pa ma adimini ndili pomwepo. Nambala yanga aHedi ali nayo ngati mungadzakakamire penapake.

Zikomo chifukwa cha tiyi wa m'mawa uliwonse, ndi pondipirira masiku asanu ndi anayi aja.

Ine mng'ono wanu,
Wodzipereka wa ku labu