Madzi Otenthetsedwa m'Paipi Pamene Khoma Likupereka Mphamvu Yofanana Ponseponse

Noti za kalasi ya Lachinayi, ophunzira a chaka chachiwiri, Salima

Malo ogona alendo ena ku Senga Bay akufuna madzi otentha otsukira mbale. Paipi ya kopa ya dayamita D = 0.025 m, yotalika L = 8 m, yakulungidwa waya wamagetsi mofanana kuyambira polowera mpaka potulukira, kunja kwake yakutidwa bwino kuti mphamvu isathawire mumpweya. Sikweya mita iliyonse ya khoma ikupereka q″ = 3000 W/m². Madzi a m'thanki akulowa ali pa 26 °C, akuyenda ṁ = 0.012 kg/s.

Mukadula paipi pamalo amodzi, madzi a kukhoma mudzawapeza otentha kuposa a pakati. Choncho timagwiritsa ntchito Tm: kutentha kumene mungayeze mutatunga madzi onse odutsa pamalopo m'kapu n'kuwatakasa. Madzi a pakati amathamanga kwambiri, ndiye amadzaza gawo lalikulu la kapuyo. N'chifukwa chake Tm siipezeka pongophatikiza kutentha kwa pakati ndi kwa kukhoma n'kugawa pawiri.

Tengani kachidutswa ka paipi kotalika dx. Mphamvu yolowa kudzera m'khoma ilibe kwina kopita, yonse ikutenthetsa madzi:

q″ P dx = ṁ cp dTm

Apa P = πD ndi kuzungulira kwa paipi, ndipo cp ya madzi ndi pafupifupi 4180 J/kg·K. Tikagawa:

dTm/dx = q″ P / (ṁ cp)

Yang'anitsitsani mbali ya kumanjayo. Mulibe x, mulibe h yosonyeza mmene kutentha kumadutsira kuchoka pakhoma kulowa m'madzi, mulibenso Re, nambala ya Reynolds yosonyeza ngati madzi akuyenda mwabata kapena movunduka. Zonse zili m'menemo sizisintha, ndiye mita iliyonse ikuwonjezera madigiri ofanana, kaya madzi akuyenda mwabata kapena movunduka:

Tm(x) = Tm,i + q″ P x / (ṁ cp)

Pa girafu umenewu ndi mzere wowongoka. Mzere wokhota uja wa sabata yatha unali wa khoma lokhala ndi kutentha kosasintha, monga paipi yozunguliridwa ndi nthunzi, musaubweretse kuno.

Manambala athu: P = 0.0785 m, ndipo ṁ cp = 50.2 W/K. Mita iliyonse ikuwonjezera 3000 × 0.0785 / 50.2 = 4.7 °C. Pakati pa paipi madzi ali pa 44.8 °C, potuluka 63.6 °C. Waya wonse ukudya mawati 1885.

Funso limene mwini malo safunsa, koma inu muyenera kufunsa, ndi lakuti khomalo lafika pati. Apa ndi pamene h ikubwera, kuti tipeze Ts, kutentha kwa khoma:

Ts(x) = Tm(x) + q″ / h(x)

Polowera penipeni h imakhala yaikulu chifukwa madzi ozizira akukhudza khoma mwachindunji, ndiye mpata wa pakati pa Ts ndi Tm ndi waung'ono. Mpatawo umakula pang'onopang'ono mpaka kayendedwe ka kutentha katakhazikika. Kuchokera pamenepo h siisinthanso, ndipo mizere iwiriyi imakwera limodzi ngati njanji ya sitima yopita ku Lilongwe, osayandikirana, osatalikirana.

Tione ngati ife tafika pokhazikikapo. Pa 45 °C, μ ndi pafupifupi 0.0006 kg/m·s, choncho Re = 4ṁ / (πDμ) ≈ 1020, kuchepera 2300: madzi akuyenda mwabata. Ndi Pr ≈ 3.9, mtunda wofunika ndi 0.05 Re Pr D ≈ 5 m. Paipi yathu ndi ya mamita 8, ndiye potulukira titha kugwiritsa ntchito Nu = 4.36. Musatenge 3.66, imeneyo ndi ya paipi ya nthunzi ija. Ndi k ≈ 0.66 W/m·K, h = 4.36 × 0.66 / 0.025 ≈ 115 W/m²·K, ndipo q″/h ≈ 26 °C. Khoma la potulukira lili pa 90 °C, ndipo pamenepo ndi pamalo potentha kwambiri pa paipi yonse.

Tsono wina atseke mpopi pang'ono, madzi atsike kufika 0.006 kg/s. Waya sudziwa zimenezo, upitiriza kupereka mawati 1885 omwewo. Madzi akwera ndi 75 °C, kutanthauza 101 °C papepala, pamene kuno kunyanja, mamita pafupifupi 500 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi osapanikizidwa amawira cha pa 98 °C. Kukhoma kuwirako kukhala kutayamba kale madzi asanafike potulukira. Ine paipi yotere sindingailumikize kumagetsi popanda switchi yozimitsa waya madzi akachepa, ndipo choyezera kutentha ndingachimangirire pakhoma cha kumapeto, osati m'madzi a polowera.

Ntchito yobweretsa Lolemba: jambulani Tm ndi Ts pa girafu imodzi, x kuchokera 0 mpaka 8 m, kenako pezani ṁ yochepetsetsa imene ingasunge khoma la potulukira pansi pa 95 °C. Tengani h = 115 W/m²·K, ndipo mulembe chifukwa chake h siisintha ngakhale ṁ yasintha.